Kuwiritsa mtedza wauwisi ndi makoko ake

Kuno ku Kasungu mtedza umakhwima mu Epulo ndi Meyi, nthawi yomwe manja onse ali pa fodya. Mphika wa mtedza wowiritsa ndiwo umatchinjiriza njala kuchigafa, koma ambiri timauphula msanga, n'kumadya wosapsa komanso wosakolera mchere.

Wiritsani wokumba lero kapena dzulo. Ukagona masiku anayi padzuwa wayamba kale kuuma, ndipo udzakuthereni nkhuni. Pothothola tayani mphwepwa, wobooka ndi chiswe ndiponso uliwonse wa chuku, chifukwa poizoni wa chuku safa ndi moto. Dothi lathu lamchenga limakanirira m'mizere ya makoko, choncho tsukani katatu, mukupikitsa ndi manja, mpaka madzi ayere. Ngati mwachokera kogwira fodya, sambani kaye ndi sopo.

Tiyerekeze kuti Nabanda wa ku Santhe ali ndi kilogalamu imodzi ya CG7. Athire madzi okwana malita 2, kuti amize mtedza wonse, ndi masupuni aakulu atatu a mchere. Madziwo akalawa amveke owawa mchere kuposa ndiwo. Musaope, khoko limatchinga wambiri. Mtedza wauwisi umayandama, ndiye ndi bwino kuupsinja ndi mbale yachitsulo musanavundikire. Madzi akaphwera onjezerani otentha, osati ozizira.

Nanga mudziwa bwanji kuti wapsa? Khoko limanamiza, limada msanga m'kati mukadali gwa. Pakatha mphindi 40 chiwirireni, vuulani makoko atatu, limodzi la pansi, lina la pakati, lina la pamwamba, ndipo sankhani akuluakulu. Swani n'kufinya njere pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Yakupsa imaphwanyika ngati nyemba yophika, ndipo mtundu wake umakhala umodzi mpaka pakati. Ikagawika pawiri n'kuonetsa kachoyera kouma pakati, kapena ikalira khurukhuru m'mano n'kumveka fungo la uwisi, bwezerani chivundikiro kwa mphindi 15 zina. Chalimbana, poti njere zake n'zazikulu, amatha kupitirira ola. Kakoma sachedwa. N'chifukwa chake sitisakaniza mitundu mumphika umodzi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pophula. Mchere umalowa bwino moto utazima, mtedza ukuzizira m'madzi ake omwewo, ndipo mudzaona makoko akumira. Usiyeni mphindi 20, kenako lawani. Ukakolera khuthulirani m'lichero kuti ukhe. Mukauiwala m'madzimo mpaka madzulo, umawawa mchere ndipo umatepetera.

Mtedza wowiritsa suchedwa kusasa, makamaka mukaumangira m'jumbo ukadali wotentha. Wotsala uyanikeni pa lichero, mawa m'mawa muuwiritsenso musanapatse ana. Khoko likayamba kuterera m'manja kapena kununkha chosasa, tayani.