Phunziro la Masamu: Kusaka Mbuzi Yosokera

Aphunzitsi, cholinga cha phunziro ili ndi chakuti ana adziwe kutchula malo ndi manambala awiri, ndiponso azindikire kuti nambala yoyamba ndi yachiwiri sizisinthanitsidwa. Njira imeneyi inafala ndi buku la René Descartes, katswiri wa ku Falansa, la chaka cha 1637.

Kukonzekera. Sunthani madesiki, ndipo lembani pansi ndi choko mizere 6 yoimirira ndi 6 yopingasa, yotalikirana mofanana. Pamene mizere yakumana tipatcha mphambano, zilipo 36. Ngodya ya kumanzere, kumene ana aima, ndiyo poyambira, ndipo nambala yake ndi 0. Kuchokera pamenepo lembani manambala mpaka 5 kupita kumanja, ndi enanso mpaka 5 kupita kutsogolo. Nambala ikhale pa mzere penipeni, osati pakati pa mizere iwiri.

Lamulo. Nambala yoyamba inena mapazi opita kumanja, yachiwiri opita kutsogolo. Phazi limodzi ndilo kuchoka pa mphambano ina kufika pa yotsatira. Tumizani mwana mmodzi ku (4, 1) ndi wina ku (1, 4), kuti onse aone kuti aima malo osiyana. Musayambe ndi manambala ofanana monga (3, 3), pakuti pamenepo wosokoneza ndi wodziwa afika pamodzi.

Masewera. Gawani ana magulu awiri. Lembani mobisa pa pepala pamene mbuzi ili, tinene (4, 2). Gulu litchula malo, mwana wawo ayendako naikapo mwala, ndipo inu mungonena mapazi otsala kuti afike pa mbuziyo, motsata mizere. Gulu loyamba likatchula (2, 3), atsala mapazi 3: awiri kumanja, limodzi kumbuyo. Lachiwiri likatchula (3, 3), atsala 2, ndipo ana azindikira kuti mbuzi ili chakumanja. Pa (4, 3) latsala phazi limodzi. Tsono imitsani masewera, mufunse: kodi mbuzi ingakhale pati? Malo ake ndi atatu okha: (5, 3), (4, 4) ndi (4, 2). Sili pa (3, 3), chifukwa pali kale mwala. Gulu loipeza ndilo libisa mbuzi ulendo wotsatira.

Zolakwa. Penyetsetsani pamene mwana waima. Wotumidwa ku (4, 2) akaima pa (2, 4), wayamba ndi kupita kutsogolo. Mubwezeni ku ngodya, ayendenso akunena lamulo mokweza. Akaima pa (3, 1), wawerenga poyambira ngati 1. Muuzeni kuti asanaponde phazi ali pa 0. Akaima m'kati mwa bokosi, wawerenga mipata m'malo mwa mizere.

Ntchito. Ana ajambule mizereyo m'makope mwawo, aike madontho pa (1, 1), (4, 1), (4, 3) ndi (1, 3), ndi kuwalumikiza motsatana mpaka kubwerera pa dontho loyamba. Wochita bwino apeza chithunzi cha ngodya zinayi chogona, cha mapazi 3 m'litali ndi 2 m'lifupi. Amene chake chaimirira wasinthanitsa manambala. Ameneyo ayambe ndiye kuyenda pa mizere mawa.