Chilolezo cha inshuwalansi musanachitidwe opaleshoni

Dokotala akanena kuti "mubwere Lachiwiri tidzakuchiteni opaleshoni", banja limayamba kuganiza za womudikirira wodwalayo, za thiransipoti ndi za phala la m'fulasiki. Pali ntchito ina imene ambiri amaiwala chifukwa amakhulupirira khadi limene lili m'thumba: kupempha chilolezo ku bungwe la inshuwalansi ya zachipatala. Nkhaniyi ikukhudza amene ali pa mabungwe ngati MASM ndipo akupita ku chipatala cholipira, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Wogonekedwa m'wodi yaulere ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central safunika chilolezo chotere.

Khadi limangosonyeza kuti munthu ndi membala. Chilolezo ndi yankho la bungwe pa opaleshoni imodzi, ya munthu mmodzi, pa chipatala chotchulidwa dzina, ndipo chimabwera ndi nambala. Nambalayo ndi imene a ku ofesi yolandirira odwala amafuna kuiona asanapereke bedi.

Chitsanzo chabwino ndi heniya, chotupa cha m'mphechepeche chimene chimabwera matumbo akamatulukira pa malo ofooka a mnofu wa pamimba. Pangakhale bambo wa zaka 45 amene chotupa chake chimatuluka akanyamula katundu kapena akatsokomola, n'kubwerera mkati akagona chagada. Chimamusowetsa mtendere koma sichikumuika pa ngozi lero, choncho dokotala amupatsa tsiku patsogolo milungu iwiri. Milungu iwiriyo ndi nthawi yopemphera chilolezo.

Bungwe limafuna nambala ya umembala, dzina la wodwala, dzina la dokotala wochita opaleshoni, dzina la chipatala, tsiku logonekedwa ndiponso mtengo umene chipatala chayerekezera. Limafunanso kudziwa matendawo ndi mtundu wa opaleshoni, ndipo nthawi zambiri izi zimalembedwa m'manambala. Pa kaundula wa matenda wa ICD-10, heniya ya mbali imodzi imene sinatseke matumbo ndi K40.9, pomwe imene yatseka matumbo ndi K40.3. Nambala yotsiriza yokha ndi imene yasiyana, koma yoyambayo ikunena za opaleshoni yodikira tsiku ndipo yachiwiriyo ikunena za ngozi. Wodwala safunika kuloweza manambalawa, koma ali ndi ufulu wopempha kuti aone zimene zalembedwa pa fomu yake.

Ku bungweko fomuyo imawerengedwa ndi anthu odziwa zachipatala. Amayang'ana ngati ndalama za pamwezi zinalipiridwa, ngati ndondomeko imene membalayo anasankha imalipira opaleshoni yoteroyo, ngati ndalama zimene anamuikira pa chaka zatsala, komanso ngati nthawi yodikira imene amapatsa membala watsopano inatha. Pena amafunsa kalata ya dokotala yofotokoza chifukwa chake opaleshoniyo ikufunika, kapena zotsatira za sikani. N'chifukwa chake kupempha madzulo a tsiku loti mawa ndi opaleshoni n'kudziika pa mpanipani: funso limodzi lobwerera kwa dokotala likhoza kudya masiku awiri.

Apa pali mbuna imene mabanja ambiri amagweramo. Wodwala amaganiza kuti achipatala atumiza fomu, achipatala akuganiza kuti ofesi ya dokotala yatumiza, ndipo tsiku limafika popanda amene wapempha. Zoona, zipatala zambiri zimathandiza kutumiza, koma ngongole ikatsala imalondola membala, osati kalaliki. Njira yodziwira ndi imodzi: kukhala ndi nambala ya chilolezo m'manja, pa kalata kapena pa uthenga wa pafoni. Mawu akuti "musadandaule, zonse zili bwino" si nambala.

Nambala ikabwera, kalata yake iwerengedwe modekha, chifukwa chilolezo sichitanthauza kuti bungwe lilipira zonse. Limalipira motsata mitengo yake, ndipo dokotala akalipiritsa kuposa pamenepo, zotsalazo ndi za wodwala. Pa heniya pamakhala mabilu angapo: ya bedi ndi chipinda cha opaleshoni, ya dokotala wong'amba, ya wogonetsa tulo, ndi ya kaukonde kamene amasokerera pa malo ofookawo kuti chotupa chisabwerere. Funso lofunsa, ku bungwe ndi ku chipatala komwe, n'lakuti: "Pa zonsezi, ine nditulutsa zingati m'thumba?" Yankho lilembedwe.

Nanga bambo uja akangopita popanda chilolezo? Choyamba chimachitika pakhomo pomwe. Wafika m'mawa osadya kanthu monga anamuuzira, mkazi wake wanyamula chikwama, ndipo kalaliki akuti mwina alipiretu ndalama yachikole, apo ayi opaleshoni isunthidwe. Tsiku la tchuthi limene anapempha kuntchito lapita pachabe, ndipo dokotala mwina alibe malo ena mpaka mwezi wamawa.

Akalipira yekha n'kuchitidwa opaleshoni, vuto limasamukira pa kubweza ndalama. Malamulo amasiyana bungwe ndi bungwe: ena amadula gawo la bilu ngati chilango, ena amakaniratu kulipira. Mwachitsanzo chabe, bilu ikakhala K2,000,000 ndipo lamulo la bungwe likuti wopanda chilolezo adulidwe magawo 30 pa 100 alionse, banjalo lisenza K600,000 imene likadaipewa poimba foni kamodzi. Chowawa kwambiri n'chakuti zimene bungwe likadanena poyamba, monga zoti nthawi yodikira sinathe kapena chipatalacho silichita nacho mgwirizano, zimadziwika bala litasokedwa kale, pamene palibenso mwayi wosankha chipatala china kapena wodikira mwezi umodzi.

Chilolezo chimathanso mphamvu zinthu zikasintha. Tsiku likasunthidwa, chipatala chikasinthidwa, dokotala akaganiza zokonza mbali zonse ziwiri, kapena bala likatukusira n'kufunika masiku ena m'wodi, bungwe lidziwitsidwe kuti liwonjezere pa nambala ija. Womudikirira wodwala akhoza kufunsa ku ofesi ya zamalipiro ngati zimenezi zachitika, asanatuluke.

Ku South Africa, kumene abale ambiri amagwira ntchito, dongosololi n'lokhwima ndipo mabungwe ambiri amafuna kuti pempho lifike kusanatsale maola 48. Lamulo la mu 1998 la mabungwewa limawalola kudikiritsa membala watsopano miyezi 3 pa chithandizo chonse, ndi miyezi 12 pa matenda amene anali nawo kale polowa. Amene akuona kuti wakanidwa mosayenera amayamba wadandaula ku bungwe lake, ndipo zikakanika amakatula nkhani ku Council for Medical Schemes. Kulikonse, kukanidwa koyamba si mapeto: chifukwa chake chipemphedwe molemba, popeza nthawi zina chimene chasowa ndi kalata ya dokotala kapena nambala ya matenda yalakwika, ndipo izi zimakonzeka.

Zonsezi ndi za opaleshoni yokonzekera. Chotupa cha bambo uja chikauma gwa, chikumapweteka kwambiri, osabwereranso mkati, iye akusanza, mimba ikutupa ndipo chimbudzi kapena mpweya sizikutuluka, ndiye kuti matumbo apanika ndipo akhoza kufa m'maola ochepa. Pamenepo palibe kudikira nambala kapena tsiku limene anapatsidwa: athamangire naye ku chipatala chapafupi usiku womwewo. Bungwe lidziwitsidwe pambuyo pake, mwachangu, chifukwa mabungwe ambiri amangopereka tsiku limodzi kapena awiri kuti ngoziyo ilembedwe. Wachibale mmodzi atenge khadi la wodwalayo ndi kuimba nambala imene ili pa khadipo kukangocha.