Mabatani a laputopu akafa: muone chiyani musanapite nayo kwa okonza m'tauni?

Mwa malaputopu amene amagulitsidwa mu Lusaka, ambiri ndi ogwirapo kale ntchito ochokera kunja, monga HP, Dell ndi Lenovo, ndipo kiyibodi yake ikamatifika imakhala itatayipidwa kale kwa zaka zingapo. Kuonjezera apo, fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, ana amadyera pafupi ndi makinawo, ndiye sipatenga nthawi kuti batani lina liyambe kukana. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kwa okonza ku Katondo Street kapena ku Town Centre, ena amangogula kiyibodi ya chingwe. Zonse ziwirizi zili ndi malo ake, koma choyamba ndi kudziwa chimene chafa. Mmene mabatani afera ndi mmene mumadziwira gwero la vuto, ndipo mungathe kufufuza zimenezi muli kunyumba osalipira ngwee.

Yambani ndi zosafuna ndalama

Nthawi zina kiyibodi imakhala yabwinobwino, chasokonekera ndi kachunidwe ka Windows. Ngati mukadina U, I ndi O pakutuluka 4, 5 ndi 6, ndipo J, K ndi L zikutulutsa 1, 2 ndi 3, ndiye kuti `Num Lock` yayaka. Izimitseni, pa makina ambiri podina `Fn` pamodzi ndi batani lolembedwa `Num Lk`.

Ngati mabatani onse akuchedwa kuyankha, kapena akufuna kuti muwapanikize kwa kanthawi, kaoneni `Filter Keys`. Iyi imayaka munthu akakanikiza `Shift` wa kumanja kwa masekondi 8, zimene mwana wosewera pa laputopu amachita mosavuta. Inzake, `Sticky Keys`, imabwera mukadina `Shift` kasanu motsatizana. Zonsezi mumazizimitsa mu `Settings`, pansi pa `Accessibility` pa Windows 11 kapena `Ease of Access` pa Windows 10.

Vuto lina lofala kwathu kuno ndi la chizindikiro cha @. Pa kiyibodi ya ku Britain, @ ali pafupi ndi `Enter` ndipo pa batani la 3 pali £. Pa ya ku America, @ ali pa batani la 2. Woika Windows akasankha mtundu wosagwirizana ndi kiyibodi yanu, mukafuna @ pamatuluka ". Apa palibe chaonongeka. Dinani batani la Windows pamodzi ndi `Space` kuti musinthe, ndipo ngati mtundu wanu mulibe, uonjezereni mu `Settings`.

Ndi kiyibodi kapena ndi Windows?

Bwerekani kiyibodi ya USB kwa aneba, muilowetse, mutsegule `Notepad` ndi kutayipa zilembo zonse. Ngati yobwerekayo ikulemba bwino zilembo zimene ya laputopu ikukana, vuto lili pa kiyibodi ya laputopu kapena pa kachingwe kake. Ngati nayonso ikuchita chimodzimodzi, vuto lili mu Windows, ndipo kugula kiyibodi yatsopano kungakhale kutaya ndalama.

Vutoli likakupezani usiku ntchito ili pakati, dinani batani la Windows, `Ctrl` ndi `O` nthawi imodzi. Pa sikirini pabwera kiyibodi yodina ndi mausi. Imapezekanso pa tsamba lolembapo pasiwedi, pa kachizindikiro ka pakona ya m'munsi, choncho simutsekeredwa kunja chifukwa cha chilembo chimodzi.

Werengani mmene mabatani afera

Pansi pa batani lililonse pali tipulasitiki tiwiri topingasana ngati sizasi, kenako kalabala kofufuma kamene kamabweza batani m'mwamba. Pansi pa zonsezi pali mapepala a pulasitiki okhala ndi tinjira topyapyala ta magetsi. Batani lililonse lilibe waya wakewake. Mabatani angapo amagawana kanjira kamodzi, monga mmene nyumba za msewu umodzi zimadalira waya mmodzi wa ZESCO: ukaduka, msewu wonse umada pomwe wotsatira ukuwala.

Choncho batani limodzi likamakana, kapena likamalimba podina, kawirikawiri pansi pake pali nyenyeswa za buledi, tsitsi kapena mchenga, apo ayi kalabala kang'ambika. Koma mabatani anayi kapena asanu akafa tsiku limodzi, ngakhale atakhala otalikirana, ndiye kuti kanjira kamene amagawana kaduka kapena kachita dzimbiri, kapena kachingwe kaphanthiphanthi kolumikiza kiyibodi ku bolodi lalikulu kasunthika. Kupukuta pamwamba sikungathandize pamenepa.

Palinso chizindikiro chimene simuyenera kuchinyalanyaza. Ngati kiyibodi kapena malo oyendetsera chala atukuka, kapena laputopu sikutsekeka bwino, mwina batire latupa ndipo likukankha kuchokera pansi. Lekani kutchaja, musalipanikize kapena kuliboola chifukwa lingayake moto, ndipo pitani nayo kwa okonza kuti alichotse.

Kuyeretsa batani lomata

Zimitsani laputopu, chotsani chaja, muitembenuze ili chotsegula ndi kuigogoda pang'onopang'ono kumsana. Kenako sesani m'mipata ya mabatani ndi kaburashi kofewa kouma. Ngati batani likumata chifukwa cha shuga, nyowetsani kathonje kotokosera m'khutu ndi sipiriti yolembedwa `Isopropyl alcohol` pa botolo, mupukute mozungulira batanilo uku mukulidina kangapo. Sipiriti imeneyi imauma msanga ndipo sisiya zotsalira. Musathire mwachindunji, ndipo musagwiritse ntchito madzi, mafuta kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene amasungunula pulasitiki.

Batani la chilembo mungathe kulitukula ndi chikhadabo pang'onopang'ono, koma jambulani kaye chithunzi cha tipulasitiki ta pansi pake kuti mudziwe kabwezeredwe kake. `Space`, `Enter` ndi `Shift` ali ndi tizitsulo toonjezera, ndipo akathyoka timano take sagwiranso. Amenewa asiyireni okonza.

Tiyi akatayikira pa kiyibodi

Musadikire kuti muone ngati ikugwirabe ntchito. Chotsani chaja, panikizani batani loyatsira mpaka izime, ndipo ngati batire lake ndi lochotseka, lichotseni. Itembenuzeni ili chotsegula pa thaulo kuti madzi atsikire kunja m'malo molowera ku bolodi. Musaiyanike padzuwa, musaiuzire mpweya wotentha woumitsira tsitsi, ndipo kuikwirira mu mpunga sikuchotsa madzi amene alowa mkati. Akakhala madzi okha, isiyeni masiku awiri musanaiyatse. Akakhala tiyi wa shuga, maheu kapena chakumwa chozizilitsa kukhosi, pitani nayo kwa okonza tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti aitsegule ndi kuitsuka, chifukwa zotsalira za zakumwazi zimapitiriza kudya tinjira ta magetsi ngakhale pamwamba pauma. Ndi chifukwa chake laputopu imatha kuyaka bwino lero, mabatani n'kudzafa patapita sabata.

Kukonzetsa kapena kugula ya chingwe?

Yankho limadalira zinthu ziwiri: kamangidwe ka laputopu yanu ndi kumene mumaigwiritsira ntchito.

Pa makina ambiri akale a m'maofesi, monga ThinkPad T430, Dell Latitude E6430 ndi HP EliteBook 840 G3, kiyibodi ndi chiwalo chapachokha. Wokonza amamasula masikuluu ochepa pansi, n'kuitukula, n'kumasula kachingwe, n'kuikapo ina. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma pa ena monga HP 250 G7 ndi Lenovo IdeaPad 330, kiyibodi inamatidwa kunsi kwa chivundikiro cha pamwamba ndi timisomali ta pulasitiki. Wokonza ayenera kutulutsa za mkati pafupifupi zonse, kenako asinthe chivundikiro chonse kapena asungunule timisomaliti kamodzikamodzi. Mtengo umakwera, ndipo ntchito ikagwiridwa mwachangu kiyibodi imatsala ikunyutuka podina.

Tiyerekeze kuti m'nyumba ina ku Kabwata muli laputopu ya HP 250 G7 imene ana amalemberapo za kusukulu, ndipo inatayikiridwa tiyi mwezi watha. Tsopano mabatani asanu afa, koma kiyibodi yobwereka ikulemba zonse. Laputopuyi sichoka pa tebulo. Apa kiyibodi ya USB ya chingwe ndi yokwanira. Sifuna mabatire, imagwira ntchito makina akangoyaka, ndipo mungakweze laputopu pa mabuku kuti sikirini ifanane ndi maso. Ya Bluetooth imayamba kugwira ntchito Windows ikatseguka, choncho pa makina ambiri singakuthandizeni zinthu zikasokonekera poyaka.

Koma laputopu yomweyo ikakhala ya wophunzira wa ku UNZA amene amakwera nayo minibasi kuchokera ku Chelstone tsiku ndi tsiku, kapena ya mayi wa ku Woodlands amene amapita nayo ku misonkhano ku Kabulonga, kuyenda ndi kiyibodi yachiwiri m'chikwama kumatopetsa, ndiponso pobooka pa USB pamakhwefuka chifukwa cholowetsa ndi kutulutsa kosalekeza. Amenewa akonzetse.

Pali vuto limodzi limene kiyibodi ya chingwe payokha siithetsa: batani likamadzilemba lokha, chilembo chimodzi n'kumadzaza tsamba. Kiyibodi ya mkati imapitiriza kutumiza chilembocho ngakhale mutalowetsa ina, ndipo pasiwedi imakanika. Wokonza ayenera kumasula kachingwe ka kiyibodi ya mkati. Musanamuuze kutero, onani pamene pali batani loyatsira. Pa makina ambiri a Asus ndi Acer lili pakati pa mabatani ena pakona ya kiyibodi, ndiye kachingwe kakamasulidwa laputopu siyakanso. Pa makina otere palibe kuchitira mwina koma kusintha kiyibodi.

Mukafika kwa okonza

Lembani dzina lonse la laputopu monga lalembedwera pansi pake, chifukwa makiyibodi a kampani imodzi amasiyana malinga ndi mtundu. Muuzeni wokonza mabatani amene afa ndipo musabise ngati panatayikira chakumwa. Mpempheni ayambe wamasula ndi kubwezeretsa kachingwe, chifukwa nthawi zina vuto limathera pomwepo. Funsani ngati kiyibodi imene aikepo ndi yatsopano kapena yochotsa pa laputopu ina, ndipo ngati yanu imayaka timagetsi pansi pa mabatani, nenani, chifukwa imeneyo imakhala ndi kachingwe kachiwiri. Yang'ananinso `Enter`: ya ku Britain ndi yaitali chotsika, ya ku America ndi yopingasa, ndipo pa makina ambiri ina silowa m'malo mwa inzake. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo sungani mafayilo anu ofunika pa fulashi musanaisiye.

Musanalipire, tsegulani `Notepad` pomwepo ndi kudina batani lililonse: zilembo, manambala, `Shift` onse awiri, mivi, ndi aja okweza mawu ndi kuwala. Pemphani lisiti yolembapo masiku amene mungabwerere ngati vuto layambiranso. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu amene mwatsikira pa Intercity kuchokera ku Chipata, Katete kapena Petauke. Mukatulukira batani lakufa basi itadutsa kale mlatho wa Luangwa, ndalama yobwerera ku Lusaka ingapose ya kiyibodiyo, choncho malizani kuyesa zonse musanagule tikiti yobwerera kwanu.