Uthenga wokopa abale a ku Joni

Funso: Akulu, ndine ejenti wa M-Pesa ku Entre Lagos. Ndilembe chiyani kuti abale a ku Joni azitumiza ndalama kudzera kwa ife?

Yankho: Achimwene, wotumizayo akufuna kudziwa chimodzi: mayi ake agwira zingati m'manja. Yambani ndi zimenezo, mwachitsanzo: "Tumizani marandi 500, amayi alandira mametikali akutiakuti lero lomwe, tsidya la siteshoni ya sitima." Tchulani ndalamayo kuti ndi mametikali, chifukwa Nayuchi ali pafupi ndipo ambiri amawerengera makwacha. Musalembe kuti "zaulere" ngati phindu labisala pa mtengo wosinthira. Wolandira akawerenga n'kupeza zaperewera, sabweranso. Uthengawo muzifalitsa pa WhatsApp mu Okutobala, anthu akamasaka mbewu ndi feteleza.