Kampasi pa Phiri la Mulanje: Mafunso ndi Mayankho

Ife aphunzitsi a sayansi m'boma lino talemba kabukuka popeza makolo, ana a sukulu ndi onyamula katundu wa alendo a ku Likhubula akhala akutifunsa, ena mwamantha, ngati kampasi ili yokhulupirika pa phiri lathu. Akulu anati safunsa anadya phula.

1. Kodi maginito ndi chiyani?

Ndi chitsulo chokoka zitsulo zinzake, koma osati zonse, pakuti mkuwa ndi aluminiyamu sizikokedwa. Tizigawo ta m'kati mwake tonse timakokera kumodzi, monga ng'ombe za pa goli limodzi, pamene ta msomali wamba timakokera kosiyanasiyana. Maginito ali ndi nsonga ziwiri, ya kumpoto ndi ya kumwera. Nsonga zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana.

2. Nanga singano ya kampasi ilozeranji kumpoto?

Singanoyo ndi maginito aang'ono okhazikidwa pa kamsomali kuti azitembenuka momasuka, ndipo dziko lapansi lenilenilo ndi maginito aakulu, monga analongosolera William Gilbert m'chaka cha 1600. Pansi pa mapazi athu, makilomita ngati 2,900, pali chitsulo chosungunuka chimene, m'kuyenda kwake kosaleka, chimabala mphamvu yozinga dziko lonse. Singano imagwedezeka uku ndi uku kufikira itagona motsata mphamvuyo. Kuno imapatuka madigiri ochepa chakumadzulo kwa kumpoto kwenikweni.

3. Kodi n'zoona kuti mizimu ya pa Sapitwa imasokoneza kampasi?

Sitinyoza mwambo wa makolo, pakuti iwo amene anatcha nsonga ya mamita 3,002 ija dzina lakuti Sapitwa anadziwa bwino kuopsa kwake. Koma singano ikapatuka, yambani mwafufuza pathupi panu, chifukwa mphamvu ya dziko ndi yofooka kotero kuti chikwanje cha m'manja, mpeni wa m'thumba, foni, wailesi, ngakhale malata a nyumba zogonamo za ku Chambe ndi ku Chisepo, zikhoza kuiposa ndi kukokera singano kwa izo. Ikani pansi zitsulo zonse, tulukani m'nyumba, yendani mapazi makumi awiri, ndipo muyang'anenso.

4. Nanga miyala ya phirili singakoke singano?

Ingathe, pa malo ena. M'miyala ina muli timbewu ta chitsulo, ndipo mphenzi ikagwa pa thanthwe lotere, monga ichitira kawirikawiri pa nsonga za mapiri, ikhoza kulisiya lili ndi mphamvu ya maginito kwa zaka zambirimbiri. Mphamvuyo nthawi zambiri sifika patali. Chifukwa chake musaike kampasi pa mwala powerenga, koma muigwire chafulati pachifuwa. Kuti mutsimikize, chitani chotere: mutaima pa thanthwe, lozani mtengo wa mkungudza uli patsogolo panu, ndipo tinene kuti mwawerenga madigiri 70, mukafika pa mtengowo, cheukani ndi kuloza thanthwe lija, ndipo muyenera kupeza 250, ndiko kuti 70 kuwonjezera 180. Mukapeza 235, dziwani kuti pa malo amodzi mwa awiriwo pali chokoka singano, ndipo musunthe ndi kuyesanso.

5. Ena atiuza kuti kampasi yawo inaloza kumwera. Kodi inalodzedwa?

Iyayi. Kampasi ikasungidwa pamodzi ndi sipika ya wailesi kapena chikwama cha foni chotsekera ndi maginito, singano ikhoza kusinthana nsonga zake. Muiyese musanakwere phiri: mukayang'ana kotulukira dzuwa, kumpoto kuli ku dzanja lanu lamanzere, ndipo m'mwezi wa Juni, masana dzuwa lili paliwombo, chithunzithunzi chanu chimagwera kumwera.

6. Bwanji singano ya kampasi yochokera kunja imakakamira?

Mphamvu ya dziko imakokeranso singano pansi: ku Ulaya imaweramitsa nsonga ya kumpoto, koma kuno kumwera kwa Ikweta imaweramitsa ya kumwera. Opanga makampasi amalemeretsa mbali imodzi molingana ndi dera, kotero kampasi yopangira Ulaya ikafika kuno ikhoza kupendekeka ndi kukhudza galasi. Mitengo ya makampasi imasiyanasiyana, ndipo sitingalonjeze kuti yodula ndiyo yabwino. Pogula, funsani ngati inapangidwira maiko a kumwera.

7. Kodi chiperoni chikatsika, kampasi imalekeratu kugwira ntchito?

Nkhungu, mvula ndi mdima sizikhudza singano konse. Komabe kampasi imangoonetsa mbali. Sikuuzani pamene mwaima, ndiponso sidziwa phompho lili patsogolo panu. Muinyamule pamodzi ndi mapu, muyende ndi wotsogolera wodziwa njira, ndipo chiperoni chikakupezani pamwamba, kawirikawiri n'kwanzeru kukhala pamalo amodzi kufikira kutayera.