Mawu ndi Chithunzi Ziyendere Limodzi

Mwina munaonerapo kanema wophunzitsa zaumoyo kapena zaulimi, kaya kusikelo ya ana, kutchalitchi kapena pafoni ya mwana wanu. Ambiri mwa makanema amenewa anayamba kupangidwa m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, ndipo Chichewa chinaikidwamo pambuyo pake. Bungwe la Access Agriculture, mwachitsanzo, limamasulira makanema a alimi m'zinenero zambiri za mu Afirika, kuphatikizapo Chichewa. Munthu akamasulira buku, Chichewa chikachuluka amangowonjezera tsamba lina. Kanema salola zimenezo. Zithunzi zake zinajambulidwa kale, zinadulidwa kale, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Ngati chithunzi cha mayi akusamba m'manja chimatha masekondi 6, mawu ofotokoza kusamba m'manjako ayeneranso kutha m'masekondi 6 omwewo. Choncho womasulira kanema samasulira mawu okha, amamasulira ndi nthawi yomwe. Chida chake choyamba ndi wotchi, ndipo muyeso wake ndi maphatikizo omwe aja mumaphunzira m'kalasi.

Ntchito imayamba asanamasulire liwu ngakhale limodzi. Womasulira amaonera kanema yense, kenako amalemba mizere papepala. Mumzere woyamba amalemba nthawi imene chithunzi chikuyamba ndi imene chikutha, poona manambala amene amayenda pansi pa kanema, monga 01:20 mpaka 01:26. Mumzere wachiwiri amalemba zimene zikuoneka, wachitatu mawu a chinenero choyambirira, ndipo wachinayi amausiya kuti alembemo Chichewa. Akatero amadziyesa yekha liwiro, kapena amayesa munthu amene adzawerenge mawuwo. Amawerenga ndime ya Chichewa mokweza, modekha ngati akulangiza agogo ake, kwa masekondi 10, n'kuwerenga maphatikizo amene watchula. Tiyerekeze kuti apeza 50. Ndiye kuti liwiro lake ndi maphatikizo 5 pa sekondi, ndipo chithunzi cha masekondi 6 chingalandire maphatikizo 30, osapitirira. Wanzeru amachepetsako pang'ono, chifukwa wowerenga amafunika kupuma, ndipo womvera naye amafuna kamphindi koti mawu akhazikike.

Mwina mufunsa chifukwa chake sitikuwerenga mawu m'malo mwa maphatikizo. Mawu amanamiza. M'Chingerezi muli mawu ambiri a phatikizo limodzi, pamene liwu limodzi la Chichewa, monga "sanatibweretsere", limanyamula zimene Mngelezi anganene ndi mawu angapo. Papepala ziganizo ziwiri zingaoneke zofanana kutalika, koma pakamwa china n'kutenga nthawi yaitali kwambiri.

Titenge kanema wophunzitsa kasungunulidwe ka Thanzi, mankhwala aja a mchere ndi shuga amene timamwetsa mwana akatsegula m'mimba. Pali chithunzi cha masekondi 6 chosonyeza mayi akung'amba paketi, kuthira ufawo m'jagi ndi kutakasa. Chiganizo cha Chingerezi chofotokoza zimenezi chingakhale ndi mawu 12 ndi maphatikizo 16 okha, ndipo chimalowamo bwino. Womasulira wotsata liwu ndi liwu angalembe kuti: "Tsanulirani paketi imodzi ya mankhwalawa mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndipo mutakase bwinobwino." Chichewachi n'cholondola, ndipo mawu ake ndi 14, kungoposa a Chingerezi ndi awiri. Koma ombani m'manja pa phatikizo lililonse, mupeza 39. Pa liwiro lija la 5 pa sekondi, chiganizochi chikufuna pafupifupi masekondi 8. Chapitirira ndi masekondi 2. Awiriwo akuoneka ochepa, koma ngati ziganizo 30 zotsatizana zitapitirira motero, mawu adzatsalira m'mbuyo ndi mphindi yathunthu. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: wofotokoza akunena zotakasa pamene chithunzi chikusonyeza mwana akumwa kale, kapena akuti "onani apa" chinthucho chitachoka.

Kuti chiganizo chifupike, womasulira amayang'ana chithunzi n'kudzifunsa kuti ndi ziti zimene maso akuona okha. Paketi ikuoneka m'manja mwa mayi ndipo yatchulidwa kale, choncho "ya mankhwalawa" angachoke. "Tsanulirani" ali ndi maphatikizo 5, pamene "thirani" ali ndi 3 ndipo akunena zomwezo. "Ndipo" angalowedwe m'malo ndi kupuma. "Bwinobwino" akusonyezedwa ndi dzanja la mayi lomwe likutakasa mpaka ufa wonse utasungunuka. Chotsala ndi ichi: "Thirani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Takasani." Tsopano maphatikizo ndi 26, masekondi 5 ndi kachidutswa, ndipo mpata wopumira ulipo. Onaninso kuti "thirani" wabwera koyambirira pamene ufa ukugwera m'jagi, ndipo "takasani" kumapeto pamene sipuni yalowa. Sikokwanira kuti chiganizo chithe pa nthawi yake. Liwu lofunika liyenera kugwera pa chithunzi chake.

Apa ndiye pali chenjezo lalikulu, ndipo ndikufuna tilimvetse. Pofupikitsa pali mawu amene sakhudzidwa ngakhale nthawi itachepa bwanji: muyeso, chiwerengero, nthawi, ndi mawu oletsa. Munthu wothamangira kusunga masekondi angaone kuti "imodzi" wabwerezedwa kawiri, n'kulemba kuti "Thirani paketi m'madzi." Chiganizocho n'chachifupi ndithu, koma chingavulaze mwana. Jagi ya pa kanema siuza munthu kukula kwake. Mayi akathira paketi yonse m'kapu imodzi ya tiyi, mchere umachuluka ndipo mwana wofooka kale angadwale kwambiri. Akathira m'ndowa, mankhwala amasukuluka osagwira ntchito mokwanira. "Aukhondo" nayenso sangachoke, pakuti madzi a pachitsime chosatetezedwa ndi madzi owiritsa amaoneka chimodzimodzi pa chithunzi. Chimodzimodzinso malangizo akuti Thanzi wosungunula atayidwe pakatha maola 24. "Maola makumi awiri ndi anayi" ndi maphatikizo 13, ndipo pamakhala chiyeso chongolemba "tsiku limodzi". Koma wina angamve kuti ndi kuyambira m'mawa kufika madzulo basi, wina n'kumva mwina. Zikatero ndi bwino kudula mawu okometsera m'chiganizo cham'mbuyo, n'kubwereka sekondi imodzi kumeneko, kusiyana ndi kuphwanya malangizo. Ndipo kanema wa zaumoyo asanajambulidwe mawu, mlangizi wa zaumoyo awerenge Chichewacho n'kunena m'mawu ake zimene wamva. Zikasiyana ndi uthenga woyambirira, alembenso.

Ena anganene kuti mavuto onsewa ngachabe, wowerenga angofulumira kulankhula. N'zoona kuti angathe, ndipo pakompyuta pali mapulogalamu amene amafulumizitsa mawu ojambulidwa popanda kuwasandutsa ngati a kamwana. Kufulumizitsa pang'ono pa chiganizo chimodzi sikumveka. Koma kuika maphatikizo 39 m'masekondi 6 ndiye kuti oposa 6 pa sekondi iliyonse, popanda kupuma. Taganizirani kumene kanemayo akaonetsedwe: pansi pa mtengo, sipika ili yaing'ono, ana akulira, ena mwa omvera ali okalamba ndipo ena Chichewa si chinenero chawo choyamba. Mawu othamanga amadutsa anthu otere. A DJ amene amaika Chichewa m'mafilimu a nkhondo angathamange ndi kuwonjezera nthabwala, chifukwa liwu limodzi likakuphonya sutaya kanthu. Kanema wophunzitsa muyeso wa mankhwala ndi nkhani ina.

Ena amati ngati mawu achuluka, chithunzi chitalikitsidwe. Nthawi zina zimatheka. Wodula kanema angachedwetse chithunzi kapena kuchiimitsa kwa sekondi imodzi, makamaka ngati chikungosonyeza paketi kapena munda. Koma kanema ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana, nthawi zambiri 25 pa sekondi, ndipo zimamangidwa pamodzi ndi nyimbo ndi phokoso la pamalopo. Ukakoka chimodzi, zinazo zimasokonekera, ndipo munthu woyenda amaoneka ngati akuyenda m'madzi. Komanso womasulira nthawi zambiri amangopatsidwa kanema womalizidwa, ndipo eni ake amafuna kuti zithunzi zikhale zomwezo m'zinenero zonse. Kusintha chiganizo papepala sikufuna ndalama. Kubwereranso kwa wodula kanema kumafuna ndalama, ndipo kubwereranso kusitudiyo chifukwa choti mawu sanayesedwe ndi wotchi ndi kuwononga chabe. Pomwe pakuoneka nkhope ya munthu akulankhula, monga mu filimu ya Yesu ija ya mu 1979 imene inaikidwanso m'Chichewa, mpata umachepa kwambiri, chifukwa mawu ayenera kuyamba ndi kutha pamodzi ndi milomo.

Chotsutsa chimene chili ndi mphamvu ndi chakuti kudula mawu ndi kusakhulupirika kwa mwini uthenga. Nkhawa imeneyi njoyenera, pakuti alipo omasulira aulesi amene amataya mfundo n'kunamizira nthawi. Koma m'kanema uthenga sukhala m'mawu okha. Mbali ina ili m'maso, ina m'makutu, ndipo mwini wake anaziluka kuti zifike pamodzi. Womasulira amene wasunga liwu lililonse koma n'kulichotsa pa chithunzi chake wasintha uthengawo koposa amene wachotsa "bwinobwino". Nanga bwanji osasiya Chingerezicho n'kungolemba Chichewa pansi pa chithunzi? Inu amene mukuphunzira kuwerenga mukudziwa yankho: malembawo amachoka musanafike pakati, ndipo maso akakhala pa malemba saona zimene manja a mayi uja akuchita.

Zimachitikanso kuti Chichewa chafupika kuposa chithunzi. Pamenepo palibe chifukwa chodzazamo mawu. Sekondi imodzi kapena ziwiri za chete zimapatsa woonera mpata woyang'anitsitsa. Pojambula, wowerenga amatenga chigawo chimodzi chimodzi akuona chithunzi chake, kuti chigawo chimodzi chikalakwika chisakoke zinzake. Pomaliza kanemayo aonetsedwe kwa anthu angapo amene sanamuonepo, afunsidwe kuti madzi ndi ochuluka bwanji ndipo mapaketi ndi angati.

Inunso yesani musanatseke bukuli. Pemphani mnzanu agwire wotchi ya pafoni, muwerenge mokweza ziganizo ziwiri zija za Thanzi, chachitali ndi chachifupi, ndipo mulembe masekondi a chilichonse. Kenako tengani malangizo akuti munthu asambe m'manja ndi sopo asanadyetse mwana, muwanene m'masekondi 4 popanda kutaya sopoyo.