Ziphuphu, ndalama yochepa ndi masabata anayi

Mtsikana wina wa Fomu 3 pasukulu yogonera konko walembera Azakhali. Akuti ikamakwana nthawi ya nkhomaliro nkhope imakhala ili phuliphuli ndi mafuta, ndipo ziphuphu zadzaza pachipumi ndi pachibwano. Amasukusula kasanu patsiku, usiku n'kupaka mandimu. Ndalama yodyera ndi yochepa, choncho akupempha dongosolo la mwezi umodzi loti alembe n'kumata m'chivindikiro cha sutikesi.

Azakhali akuti sabata yoyamba siifuna ngakhale tambala, chifukwa ntchito yake ndi kusiya. Mwanayu asiye mandimu ndi mankhwala otsukira mano, poti zimawotcha khungu n'kusiya mawanga akuda amene amatenga miyezi kuti azimiririke. Kufinya kumachitanso zomwezo. Azisukusula kawiri kokha, m'mawa ndi madzulo, ndi sopo wosanunkhira, pogwiritsa ntchito zala osati chinkhupule. Vaselini akhale wa m'miyendo. Mafuta a tsitsi nawo asamatsikire pachipumi, ndipo papilo aziyalapo chitenje choyera, n'kumachichapa sabata iliyonse.

Ndalama yonse aisungire chinthu chimodzi cha sabata yachiwiri: benzoyilo perokisaidi wa ku famase, wa 2.5% kapena 5%. Chiphuphu chimayamba kabowo ka pakhungu kakatsekeka ndi mafuta ndi khungu lakufa, tizilombo n'kuswana m'katimo, ndipo mankhwalawa amapha tizilomboto. Wa 10% amangowonjezera kuyabwa. Atenge pang'ono ngati njere ya nandolo, apake mopyapyala dera lonse lotuluka ziphuphu, nkhope itauma, kupewa m'maso ndi milomo. Apake usiku umodzi, wotsatirawo apume. Koma asamale: mankhwalawa amasulutsa nsalu, ndiye chitenje chija chisakhale chopitira kutchalitchi!

Khungu likangouma pang'ono kapena kusendeka, si vuto, ndipo sabata yachitatu akhoza kumapaka usiku uliwonse. Likapsa n'kumawawa, apume masiku angapo. Likatupa kapena kutuluka matuza, asiyiretu n'kukaonana ndi a chipatala.

Sabata yachinayi ndi imene ambiri amagwera mphwayi. Ziphuphu sizikhala zitatha, chifukwa kusintha kumaoneka pakadutsa masabata 6 mpaka 8. Apa m'pamene mnzake wa muhositelo amabwera ndi kachubu ka kumsika koyeretsa khungu, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi betametazoni kapena kilobetasolo. Kamasalalitsadi nkhope masiku oyamba, kenako khungu limapyapyala, ziphuphu n'kubwerera zochuluka kuposa kale. Azakhali akuti akakane. M'malo mwake aziwerenga ziphuphu zatsopano Loweruka lililonse n'kulemba kuseri kwa pepala la dongosolo. Zikamachepa, apitirize chimodzimodzi.

Ngati ziphuphu zili zikuluzikulu, zolimba m'kati ndi zosiya zipsera, asadikire mwezi kutha. Apemphe chilolezo kwa a metroni apite kuchipatala cha boma, kumene angamulembere mapiritsi monga dokisisayikilini.